MNYAMATA WA PAMPHAMBANO: KHADI LA OKONDANA NDI NKHANI YA KUSANKHA

Tiyambe ndi kuwerenga anthu. Pa khadi la taroti limene ambiri amalitcha kuti Okondana, monga linadindidwira mu mzinda wa Marseille ku Falansa m'chaka cha 1760, pali anthu atatu oima pansi: mnyamata mmodzi pakati, mkazi kumanja kwake, mkazi wina kumanzere kwake. Pamwamba pawo pali kamwana ka mapiko katakoka uta. Wina aliyense wofuna kutiuza kuti khadi limeneli ndi la chibwenzi chokha ayenera kuyamba watifotokozera chimene munthu wachitatuyo akuchita pamenepo. Ine ndikuti chithunzichi chikunena za munthu amene waima pakati pa zinthu ziwiri zimene amazilemekeza, ndipo sangathe kunyamula zonse. Ndifunanso kuonetsa kuti ambiri mwa amene anachiwerenga motero anachiwononga pochisandutsa ulaliki.

Sindikulemba ngati woombeza. Sindikhulupirira kuti kapepala kodindidwa kangadziwe za mawa. Ndikutenga khadili monga timatengera ndakatulo imene yabwera pa msonkhano wathu: tiona chimene chilipo, tione chimene owerenga ena anaikamo, kenaka tiweruze.

Kwa amene sanawaonepo, makhadi a taroti anayambira kumpoto kwa Italiya cha m'ma 1440, ndipo anali ongosewerera basi. Paketi yake imakhala ndi makhadi 78. Mwa amenewa, 22 ali ndi zithunzi zapadera monga Papa, Imfa, Mwezi ndi Chiweruzo, ndipo lathuli ndi la nambala 6. Zoombezera zinadza mochedwa, patapita zaka zoposa 300. Tivomerezenso msanga kuti pachiyambi khadili linalidi la chikondi. Pa makhadi amene anajambulidwira banja lolamula la Visconti ndi Sforza ku Milan cha m'ma 1450, pali mwamuna ndi mkazi atagwirana dzanja, ndipo pamwamba pawo pali Kupidi, kamulungu ka chikondi ka Aroma, katamangidwa nsalu m'maso. Apo palibe mphambano iliyonse. Anthu ndi awiri, mtima ndi umodzi. Amene amawerenga chibwenzi pa khadili sakunama ayi, koma akuwerenga chithunzi cha ku Milan pomwe m'manja mwawo muli china.

Chinacho ndi cha ku Falansa. Odinda makhadi a ku Paris, Lyon ndi Marseille ankasema zithunzi pa thabwa, nkudinda, nkupaka mitundu yowerengeka. Tiyeni tiyang'ane bwino khadi la Nicolas Conver la 1760, pakuti ndilo lotchuka. Mnyamata wavala malaya a mizeremizere ofika pamwamba pa mawondo. Mkazi wa kumanzere kwa ife oonera akuoneka wachikulire ndi wolemekezeka, wavala china chake chonga chisoti kumutu, ndipo dzanja lake lili pa phewa la mnyamatayo. Mkazi wa kumanja akuoneka wamng'ono, tsitsi lake lagwera m'mapewa, ndipo dzanja lake lili cha pachifuwa cha mnyamata. Nkhope ya mnyamata yatembenukira kwa wachikulire uja. Koma muvi wa Kupidi suloza kumeneko, waweramira mbali ya mtsikana.

Pali zinthu zitatu pano zimene sizigwirizana ndi nkhani ya chibwenzi wamba. Choyamba ndi dzina. Pansi pa khadi palembedwa dzina la Chifalansa, L'Amoureux, ndipo kachilembo koyambako kakusonyeza munthu mmodzi, mwamuna amene wagwa m'chikondi. Mwini nkhani ndi mmodzi, akazi awiriwo ndi zimene zamugwera. Chachiwiri ndi manja. Wina wagwira phewa, malo osenzera katundu, wina wafika pa mtima. Aliyense ali ndi gawo lake pa thupi la mnyamatayo, ndipo palibe amene akuoneka ngati wakuba. Chachitatu ndi kusemphana kwa maso ndi muvi. Mutu ukumvera uku, chilakolako chikugwera uko. Wosema thabwa uja, kaya anadziwa kaya sanadziwe, anajambula kamphindi kamene munthu sanalankhule, pamene zonse ziwiri zikadali zake.

Pali kutsutsa kumene tiyenera kukumva. M'chaka cha 1781 Antoine Court de Gébelin, amene anayambitsa bodza lija lakuti taroti inachokera ku Igupto wakale, anaona ukwati pa khadili. Kwa iye munthu wachitatuyo anali wodalitsa awiri amene akulonjezana. Ena amati ndi mayi wake wa mnyamata. Kuwerenga kumeneku sikopusa, ndipo mwina wosema woyamba ankaganizadi za ukwati. Komatu ngakhale titavomera kuti ndi mayi, kusankha sikuchoka. Mnyamata amene dzanja la mayi lili pa phewa lake ndi dzanja la mkazi pa mtima pake waima pakati pa nyumba imene inamulera ndi nyumba imene akufuna kumanga. Chikondi chilipo mbali zonse ziwiri. Funso la chithunzichi silakuti akonda yani, koma kuti akhala munthu wotani akachoka pamalopo.

Kodi ganizo la mphambano linachokera kuti? Anthu ophunzira a ku Ulaya ankadziwa nthano ina ya Agiriki, ya mphunzitsi Prodiko, imene Zenofoni anailemba m'buku la zokumbukira Sokratesi. Hekule ali mnyamata anapita kwayekha kukalingalira njira ya moyo wake. Kunabwera akazi awiri. Wina anali wodzikongoletsa, ndipo anamulonjeza njira yaifupi, zakudya zonona ndi tulo tabwino popanda thukuta. Winayo anali wovala zoyera, wodekha, ndipo anamuuza mosabisa kuti palibe chabwino chimene milungu imapereka popanda ntchito yowawa. Woyambayo atafunsidwa dzina anayankha kuti abwenzi ake amamutcha Chimwemwe, adani ake ndiwo amamutcha Kuipa. Wachiwiriyo anali Ukoma. Nthanoyi inajambulidwa kambirimbiri, ndipo chithunzi chodziwika kwambiri ndi cha Annibale Carracci cha m'ma 1596, chimene lero chili ku Naples. Munthu wozolowera zithunzi zotere, akaona mnyamata pakati pa akazi awiri pa khadi, sakanalephera kukumbukira Hekule.

Amene anakhomerera kuwerenga kumeneku ndi olemba za matsenga a ku Falansa a m'zaka za m'ma 1800. Mmodzi wa iwo, Paul Christian, m'buku lake la mbiri ya matsenga la 1870, analitcha khadili Njira Ziwiri. M'kufotokoza kwake mnyamata waima pa mphambano, manja atapingasa pachifuwa, maso ali pansi. Mkazi wina wavala mkombero wagolide kumutu, ndiye Ukoma. Wina wavala masamba a mpesa, ndiye Kuipa. Ndipo wamapiko uja salinso Kupidi, wasanduka mzimu wa chilungamo, muvi wake ukuloza Kuipa kuti umulange.

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo. Christian anachita bwino kuona kusankha, koma anachotsa chimene chimapangitsa kusankha kukhala kowawa. Akazi awiri akalembedwa maina pamphumi, wina Ukoma wina Kuipa, mnyamatayo alibenso chosankha. Chatsala nchakuti kaya ali ndi mphamvu yochita chimene akuchidziwa kale, kaya alibe. Amenewo ndi mayeso a kudziletsa, ndipo yankho lake mphunzitsi walilemba kale pa bolodi. Choipitsitsa ndi chimene anachita ndi muvi. Pa khadi la Conver muvi ndi chilakolako cha mnyamata mwini, chimene chimagwa osapempha chilolezo. Christian anaulanda muviwo m'manja mwa chikondi nkuupereka kwa wapolisi wa kumwamba. Motero mnyamata sakuopanso kutaya chinthu chokondedwa, akungoopa chilango. Ngakhale nthano ya Prodiko inali yochenjera koposa apa, pakuti inalola mkazi uja kukhala ndi maina awiri, kusonyeza kuti dzina limene timapatsa njira limadalira mbali imene taima.

Mphamvu ya khadi la ku Marseille ili m'kusalemba maina. Wosema sanatiuze kuti woipa ndani. Wachikulireyo akhoza kukhala udindo, mwambo, lonjezo lakale, kapena mantha ovala zaulemu. Mtsikanayo akhoza kukhala chisangalalo chopanda pake, koma akhozanso kukhala moyo weniweni umene mnyamatayo wakhala akuuthawa. Kusankha pakati pa mfundo ziwiri za moyo kumayamba pamene zonse ziwiri zili ndi mlandu womveka. Kukhulupirika ndi chinthu chabwino, kunena zoona nakonso ndi kwabwino, koma limafika tsiku limene sungathe kukhulupirika kwa mnzako ndi kunenanso zoona pa bwalo. Khadili ndi la tsiku limenelo.

Tsono tione chimene chinachitika ku Mangalande. M'chaka cha 1909 ku London kunatuluka makhadi amene anajambula Pamela Colman Smith motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite, ndipo ndi amene anthu ambiri olankhula Chingerezi amawadziwa lero. Pa khadi lawo munthu wachitatu wachotsedwa. Pali Adamu ndi Hava ali maliseche m'munda, mngelo wamkulu atatambasula manja pamwamba pawo, phiri chapatali pakati pawo. Kumbuyo kwa mkazi kuli mtengo wa zipatso ndi njoka itazengeza thunthu. Kumbuyo kwa mwamuna kuli mtengo wa masamba khumi ndi awiri ooneka ngati malawi a moto. Waite anachita zimenezi dala. M'buku lake lofotokoza makhadiwa la 1911 ananyoza chithunzi cha munthu woima pakati pa ukoma ndi kuipa, nachiyesa chopusa cha masiku a pambuyo pake. Iye ankafuna chikondi choyera cha anthu asanachimwe.

Ndikumvetsa chimene chinamunyansa Waite, pakuti ulaliki wa Christian ngwotopetsadi. Koma pothawa ulalikiwo anasankha nkhani imene siingathe kukhala popanda kusankha. Munda wa Edene ulibe tanthauzo ngati mulibe mtengo woletsedwa. Ndipo cholembera cha Smith chinasunga kusemphana kwa maso kuja: mwamuna akuyang'ana mkazi, koma mkazi sakumuyang'ana, maso ake ali kumwamba kwa mngelo. Pa chithunzi cha anthu otomerana maso amakumana. Apa sakumana. Mkaziyo ndiye wasanduka woima pakati: mwamuna pambali pake, njoka kumbuyo kwake, mngelo pamwamba pake. Kusankha kwake kuli pakati pa kukhala mosadziwa m'munda wamtendere ndi kudziwa zinthu kunja kwa mpanda. Nchifukwa chake mabuku ambiri ophunzitsa makhadi a Waite amaikabe kusankha pakati pa matanthauzo a khadili, ngakhale mwini wake anakukana.

Kuti tione kusiyana kwa mawerengedwe awiriwa pa ntchito, tiyerekeze nkhani. Namwino wina wapita kwa wowerenga makhadi. Bwenzi lake lapeza ntchito kudziko lakutali ndipo likufuna akwatirane apitire limodzi. Bambo ake a namwinoyo akudwala, ndipo mwana amene ali pafupi ndi iye yekha. Khadi la nambala 6 latuluka. Wowerenga chibwenzi amwetulira nkunena kuti chikondi chanu nchenicheni, pitani. Wayankha funso limene silinafunsidwe, pakuti mkaziyo sakukayika za chikondi. Akanakhala kuti sakonda bwenzi lakelo, bwenzi palibe vuto.

Wowerenga kusankha ayamba ndi kufunsa kuti woima pakati ndani, ndipo apeza kuti ndi namwinoyo, osati bwenzi lake. Kenaka atchula mbali ziwirizo, koma osati ndi maina a anthu. Kunena kuti bambo kapena mwamuna nkusokeretsa, chifukwa kukuchititsa ngati nkhani ndi yakuti wokondedwa koposa ndani. Maina oyenera ndi a zimene mbali iliyonse ikupempha: uku kubweza chisamaliro kwa amene anakulera pa nthawi imene sangadzithandize, uko ufulu woyamba moyo wako zaka zisanathe. Chachitatu, afunsa chimene chitayike pa njira iliyonse. Akapita, mwina sadzakhalapo pa tsiku lomaliza la bambo ake, ndipo tsikulo silibwereza. Akatsala, mwina ukwatiwo sudzachitika, ndipo mwina adzayamba kuwaipira mtima bambo omwewo. Chomaliza, afunsa kumene nkhope yayang'ana ndi kumene muvi wagwera: kodi ndi mbali iti imene mkaziyo amaifotokoza ndi zifukwa zambiri, ndipo ndi iti imene akaitchula mawu amanjenjemera? Kawirikawiri si mbali imodzi.

Kuwerenga kotere nako kumalakwika, ndipo pali njira yodziwira kuti kwalakwika. Yesani maina amene aperekedwa ku mbali ziwirizo. Ngati wowerenga wanena kuti chikondi kapena ukapolo, kapena kuti udindo kapena dyera, wabwerera kwa Christian: waweruza kale, akungoyembekeza kuti mkaziyo asaine. Dzina loyenera ndi limene mbali yotchulidwayo ingalivomere yokha. Yesaninso mathero. Ngati munthu achoka pamenepo akuganiza kuti sataya kalikonse, ndiye kuti mkazi mmodzi wa pa khadi wafufutidwa mobisa.

Pali malire ena amene khadi lenilenilo silingawaone. Limawerenga mpaka pawiri basi, pomwe moyo nthawi zina umakhala ndi njira yachitatu: ukwati ukhoza kudikira chaka, mlongo wa kutali akhoza kubwera kudzathandiza. Amene wakonda chithunzi cha mphambano amafulumira kuona mphambano paliponse. Komanso mnyamata wa pa khadi ndi mfulu, palibe chingwe m'miyendo mwake. Anthu ambiri amene amaoneka ngati akusankha amakhala akukankhidwa ndi njala kapena ngongole, ndipo kuwauza kuti asankhe mfundo zawo za moyo ndi chipongwe. Pomaliza, nthawi zina munthu amene wafunsa za bwenzi amakhala akufunsadi za bwenzi. Kumusandutsa Hekule mokakamiza nkulakwa kofanana ndi kuja koyamba.

Mlembi amene anamvetsa khadili koposa oombeza onse ndi Italo Calvino wa ku Italiya. M'buku lake la 1973 lonena za nyumba yachifumu imene njira za apaulendo zimapingasana, anthu otha mawu amafotokoza mbiri zawo poyala makhadi a taroti pa tebulo. M'gawo lachiwiri, limene limagwiritsa ntchito makhadi a ku Marseille, muli nkhani ya mnyamata wosatha kusankha, ndipo khadi lathuli lilimo. Mnyamatayo athawa akazi awiriwo, koma kulikonse kumene afika apeza mphambano ina, ndipo nthawi zonse afuna zonse ziwiri. Potsiriza akumana ndi munthu wofanana naye nkhope, amene anayenera kutenga mkazi ndi njira zimene iye akanasiya. Posasankha, mnyamatayo anatsekeranso mnzakeyo moyo. Calvino sanafunse kuti mkazi wabwino ndi uti. Anaona kuti tchimo la pa khadili ndi kuima pomwepo mpaka kalekale. Akuluakulu athu anaziona kale zimenezi pamene anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ife amene timawerenga mabuku a mu Afirika chithunzichi sichachilendo. Mu Song of Lawino ya Okot p'Bitek, ya 1966, Ocol waima pakati pa Lawino ndi Clementine, ndipo palibe wowerenga amene amaganiza kuti nkhani ndi ya kukongola kwa akazi awiriwo. Koma taonani chimene p'Bitek anachita: anapereka mawu kwa mkazi, osati kwa mwamuna wa pakati. Apa ndi pamene pali chilema chachikulu cha khadili ndi cha nthano ya Hekule yomwe. Akazi awiriwo si anthu, ndi zikwangwani za pa msewu wa mnyamata. Sitiuzidwa chimene iwo akufuna, kapena chimene chidzamuchitikire wosiyidwayo. Wowerenga khadili ngati kusankha pakati pa mfundo za moyo asaiwale kuti mfundozo kawirikawiri zimakhala ndi nkhope, ndipo imene yakanidwa imapita kwawo ikulira.

Chigamulo changa ndi ichi. Mwa zithunzi zinayi zimene taona, cha ku Milan ndi chokongola koma mulibe funso, cha Christian chili ndi funso koma yankho analemberatu, cha Smith chinabisa funso m'maso mwa Hava, ndipo cha ku Marseille, chosemedwa mwamanja olimba ndi mitundu yosefukira kunja kwa mizere, ndicho chokha chimene chinasiya funsolo lili poyera. Mnzathu wina akadzabwera ku msonkhano ndi nkhani ya mnyamata wa pakati pa mtsikana wa kumudzi ndi wa m'tauni, tidzamufunse zimene tafunsa khadili. Kodi aliyense wa awiriwo angavomere dzina limene wapatsidwa? Nanga mnyamatayo akasankha bwino, wataya chiyani? Ngati mlembi sangathe kuyankha funso lachiwirili, pa pepala lake pali anthu awiri okha, ngakhale atalemba maina atatu.